Penshoni ikaima, yankho silikhala pa windo

Funso: "Ndikulemba nkhani yaifupi ya bambo wina wokalamba amene penshoni yake yasiya kubwera, ndipo akuyenda wapansi kupita kumalo olandirira kuti akafunse chifukwa chake. Ulendowo ndaulemba kale, koma akafika pa windo ndikusowa choti kalaliki amuuze. Ndimaganiza zoti kalalikiyo ndiye akhale akudya ndalamazo. Kodi penshoni imaima chifukwa chiyani kwenikweni, nanga nkhani yotere ingathe bwanji?"

Mlembi mnzanga, ndikupempheni kuti kalaliki wakubayo muyambe mwamuika pambali. Akuba m'maofesi alipo, zimenezo sindikutsutsa. Koma ine ndinakhala zaka zambiri kuseri kwa windo lolipirira anthu opuma pa ntchito, ndipo mwa okalamba onse amene anabwera kudzandifunsa za ndalama zawo zosowa, pafupifupi onse vuto lawo linali pepala limodzi lomwe silinafike pamene limayenera kufika. Mukaikamo wakuba, owerenga apeza munthu womukwiyira, mtima wawo ukhala pansi, nkhani n'kuthera pomwepo. Zimene zimachitikadi n'zowawa kuposa pamenepo, chifukwa mkuluyo amafika pa windo n'kupeza kuti palibe amene wamulakwira mwadala, komanso palibe amene angamuthandize tsiku lomwelo.

Kuti mumvetse chifukwa chake, dziwani kaye njira imene ndalama ya penshoni imadutsa. Pali ofesi yaikulu imene imasunga fayilo ya munthu aliyense wopuma: tsiku limene anayamba ntchito, tsiku limene anapuma, malipiro ake omaliza, nambala yake ya penshoni. Kumeneko ndiko kumagamulidwa kuti uyu alandire, uyu ayambe wadikira. Mwezi uliwonse ofesiyo imakonza mndandanda wa oyenera kulandira, ndipo mndandandawo umatsekedwa masiku angapo tsiku lolipira lisanafike kuti ndalama zikonzedwe. Kenako mndandanda ndi ndalama zimatumizidwa kumalo olandirira, kaya ndi kubanki, kupositi, kapena pa tebulo limene limayalidwa tsiku lolipira. Munthu wa pa windo ndi wotumidwa chabe. Fayilo saiona. Chimene ali nacho ndi mndandanda wa mwezi umenewo, ndipo funso lokhalo limene angayankhe ndi mtima wonse ndi lakuti dzina lilipo kapena palibe.

Apa ndiye pagona nkhani yanu. Mkulu wanu akuyenda mtunda wonsewo kupita kumalo amene kwa zaka zonsezi wakhala akulandirako ndalama, ndipo m'maganizo mwake penshoni imachokera kumeneko. Sakulakwa kuganiza choncho, pakuti ndi nkhope yokhayo ya penshoni imene amaidziwa. Koma funso lake lakuti "chifukwa chiyani" yankho lake lili kwina, m'fayilo imene ili kutali. Inu mlembi muyenera kulidziwa yankholo bwinobwino kuyambira pa chiganizo choyamba, ngakhale mkuluyo atafika kumapeto a nkhani asanalimve lonse.

Zoimitsa penshoni zilipo zingapo, ndipo mawu a kalaliki amasintha malinga ndi chimene chachitika. Nthawi zina ndalama zimatumizidwa ndithu koma n'kubwerera chifukwa akaunti inagonekedwa mwini wake atakhala miyezi yambiri osaigwiritsa ntchito. Nthawi zina dzina la pa chiphaso chatsopano limasiyana ndi la m'fayilo yakale, mwina ndi chilembo chimodzi chokha, wina analemba "l" pamene mnzake analemba "r", ndipo makina amaona ngati ndi anthu awiri. Zonsezi zikhoza kukupatsani nkhani. Koma ndikanakhala inu ndikanasankha chifukwa chimene ndinkachiona kawirikawiri: mkuluyo sanatsimikize kuti ali moyo.

Penshoni imalipidwa mpaka munthu atamwalira, koma imfa siidzilengeza yokha ku ofesi. Abale ena amaiwala kukanena, ena amakhala chete dala kuti ndalama zizibwerabe. Pofuna kutseka mpata umenewu, mabungwe ambiri oyendetsa penshoni amafuna kuti wolandira aliyense azionetsa umboni woti akadalipo, kawirikawiri kamodzi pa chaka. Ena amatumiza fomu yoti munthu akasaine pamaso pa munthu wodalirika amene adzadindapo chidindo chake. Ena amaitana onse kuti abwere okha pa masiku oikika, adzaonedwe nkhope ndi kudinda chala. Tsiku lomaliza likadutsa umboni usanafike, dzina limachotsedwa pa mndandanda. Palibe munthu amene amakhala pansi n'kunena kuti mkulu uyu timulange. Dzinalo limangogwa limodzi ndi mayina ena onse amene sanayankhe.

Musamale kusiyanitsa zinthu ziwiri pano, chifukwa olemba ambiri amazisakaniza. Kuimitsidwa podikira umboni ndi chinthu china, kulembedwa kuti munthu anamwalira ndi chinanso. Choyambacho chimakonzeka ndi fomu imodzi yodindidwa. Chachiwiricho chimachitika mwa apo ndi apo, monga pamene wamwalira munthu wa dzina lofanana ndipo wolemba n'kutseka fayilo yolakwika, ndipo kuchikonza kumafuna makalata, mboni, mwinanso kulumbira. Ndikudziwa kuti chachiwirichi chimakopa, chifukwa munthu wamoyo kuuzidwa kuti anafa ndi chinthu chodzidzimutsa. Koma n'chaphokoso, ndipo chimakokera nkhani ku nthabwala. Choyambacho n'chachete. Ofesi siikunena kuti mkuluyo wafa. Ikungonena kuti ilibe umboni woti alipo, pamene iye waima pomwepo thukuta lili kamukamu.

Tsono tiyeni tiyale masiku, chifukwa nkhani yotere imalimba ndi kalendala. Manambala awa ndi ongoyerekeza, mukhoza kuwasintha, koma agwirizane. Tinene kuti fomu inatumizidwa mu Januwale, ndipo imayenera kubwezedwa pofika kumapeto kwa Malichi. N'chifukwa chiyani mkuluyo sanaibweze? Funso limeneli musalilumphe. Mwina fomuyo imapita ku keyala ya kumene ankagwira ntchito, ndipo mnzake amene ankamusungira makalata anasamuka. Mwina miyezi imeneyo anali gone m'chipatala. Chimene ine chimandigwira mtima n'chakuti amene ankamuwerengera makalata maso ake atayamba kuchita chidima anali mkazi wake, ndipo mkaziyo anamwalira chaka chathachi. Envulopu inafika ndithu, anaiika bwinobwino pamalo osungira zinthu zofunika, osaitsegula. Mukasankha chimenechi, imfa ya mayiyo simufunikanso kuilira m'ndime zitatu. Envulopu yosatsegulayo ilankhula yokha.

Ndalama ya Malichi analandira, chifukwa nthawi inali isanathe. Ya Epulo sinabwere. Mwezi woyamba munthu wokalamba sadandaula kwambiri, wakhala akuona malipiro akuchedwa moyo wake wonse, amangoti zibwera. Ya Meyi itasowanso anatuma mdzukulu kuti akafunse, ndipo mdzukuluyo anabwezedwa ndi mawu akuti nkhani ya ndalama za munthu sauza wina, abwere mwini wake. Kalaliki sanachite mwano pamenepo, lamulo lake limatero, ndipo limateteza okalamba omwewo kwa achibale adyera. Pofika Juni ngongole za kwa anansi zachuluka, mankhwala ake atha, ndipo wanyamuka yekha.

Onaninso chifukwa chake akuyenda wapansi. M'nkhani zambiri zimene ndawerenga za mtundu uwu, munthu amayenda wapansi chifukwa mlembi akufuna timumvere chisoni. Mwa inu chifukwa chikhale choonekeratu: ndalama yokwerera galimoto tsiku lolipira inkachokera m'penshoni ya mwezi wapitawo. Penshoni itaima, ulendo wokafunsa za penshoniyo unasanduka wapansi. Chiganizo chimodzi chikwanira kunena zimenezi.

Mtunda muuwerengere. Munthu wamphamvu amayenda makilomita pafupifupi 5 pa ola, koma wa zaka za m'ma 70, wa ndodo ndi mawondo opweteka, mumupatse makilomita 3 pa ola, ndipo liwirolo lizitsika dzuwa likamakwera. Mtunda ukakhala makilomita 14, ndi maola pafupifupi 5 oyenda, kuwonjezerapo ola lina lopumira m'njira. Akanyamuka 4 koloko m'mbandakucha, afika cha m'ma 10 koloko, n'kupeza mzere utatalika kale. Ndiye kuti pa windo afikapo dzuwa litapendeka, ndipo m'mutu mwake muli kale nkhawa ya makilomita 14 obwerera. Mukawerengera motere, simudzasowa cholemba panjira. Mkuluyo aziyang'ana mthunzi wake kuti adziwe nthawi, azisankha pakati pa kupuma ndi kupeza windo lotsegula, azimwa madzi pang'onopang'ono poopa kuti akachoka pa mzere kukadzithandiza malo ake atengedwa. Okalamba amene ndinkawalipira ankaziganizira zimenezi, ndipo ena ankafika milomo itauma gwa chifukwa cha mantha omwewo.

Chimene wanyamula ndi chofunikanso. Sindinaonepo wopuma pa ntchito akubwera kudzadandaula chimanjamanja. Amabwera ndi kathumba kapulasitiki kokulungidwa kawiri katatu, mkati muli kalata yomupumitsa ntchito yong'ambika m'mapindo, chiphaso, timapepala ta malipiro akale, nthawi zina ndi kalata yomuyamikira imene bwana wina anamulembera zaka makumi angapo zapitazo. Amatulutsa zonse n'kuziyala pa windo mwadongosolo, ngati kuti kuchuluka kwa mapepala kukhoza kusuntha mndandanda. M'kathumba ka mkulu wanu muikemo envulopu ija. Iye sakudziwa kuti ndiyo yankho, wangoinyamula chifukwa ili ndi chidindo cha ofesi. Owerenga aione kamodzi kumayambiriro, kenako muisiye mpaka pa windo.

Pa windopo, kumbukirani kuti kalaliki amayamba kufunsa nambala, dzina limabwera pambuyo. Kwa munthu amene wayenda maola 6 akukonza mawu oti akanene, kufunsidwa nambala asanamalize ngakhale moni ndi chinthu cholasa. Komabe musamuchititse nkhanza kalalikiyo. Kumbuyo kwa mkuluyo kuli anthu makumi angapo, ndipo iye waphunzira kuti nambala ndiyo njira yachidule yothandizira munthu. Zokambirana zawo zikhoza kuyenda chonchi:

"Dzina lanu mwezi uno palibe, agogo."

"Lapita kuti, mwana wanga? Mwezi ndi mwezi limakhala pomwepo."

"Apa angolemba kuti kwaimitsidwa. Kodi fomu ya chaka chino munabweza?"

"Fomu yanji?"

"Yosonyeza kuti muli moyo."

Apa mkuluyo asayankhe msanga. Musamupatse mawu anzeru, musamuchititse kulalikira za zaka zimene anatumikira. Mwina angoyang'ana manja ake ali pa thabwa la windo, kenako n'kunena motsitsa kuti, "Nanga si ndine ndaima pano?" Ndipo yankho loona la kalaliki, limene ine ndinalinenapo kangapo mtima ukundiwawa, ndi lakuti: "Ndikukuonani, agogo. Koma amene ayenera kukuonani si ine." Kenako kalalikiyo aone envulopu pakati pa mapepala aja, aizindikire, apemphe chilolezo choitsegula.

Ngati malo anu olandirira ali ndi makina odinda chala, pali chinthu china choona chimene mungagwiritse ntchito. Mizere ya pa zala za okalamba imafufutika, makamaka kwa amene agwira ntchito ya manja moyo wawo wonse, ndipo khungu likauma makina amalephera kuiwerenga. Kalaliki amauza munthu kuti apukute chala, ayese china, achinyowetse pang'ono, ayesenso. Ntchito imene inamupatsa penshoniyo ndi yomwe inadya mizere imene ikanamuchitira umboni. Koma musanene zimenezi m'nkhanimo. Onetsani chala chikukanidwa katatu, owerenga amaliza okha. Ndipo musaunjike zonse pamodzi: ngati mwasankha envulopu, makinawa mukhoza kuwasiya. Nkhani yaifupi imanyamula bala limodzi.

Pali cholakwika chimene ndimachiona pafupifupi m'zolemba zonse zoyamba za nkhani ngati iyi, ndipo ndikuchitchula chifukwa chimandipweteka. Wokalambayo amalembedwa ngati mbuli yosadziwa kuti ofesi n'chiyani. Iwalani zimenezo. Munthu amene akulandira penshoni anagwira ntchito yolembedwa zaka zambiri, mwina 25 kapena 30. Amadziwa kusaina, amadziwa kuti kalata imafuna nambala, amadziwa kuti bwana akati "bwerani mawa" nthawi zina amatanthauza sabata yamawa. Mwina iyeyo anali mesenjala amene ankanyamula mafayilo a anthu ena kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina, ndipo akudziwa bwino mmene fayilo imagonera pansi pa zinzake. Chimene chamusiya m'mbuyo ndi kusintha kwa kachitidwe ndi kufooka kwa maso, nzeru zake zili momwemo. Njira yodziwira ngati mwamuchepetsa ndi iyi: werengani mawu onse amene iye walankhula m'nkhanimo, paokha, motsatizana. Ngati onse ndi mafunso ndi madandaulo, mwamulanda ulemu. Payenera kukhala pena pamene iye akudziwa chinthu chimene kalaliki wachinyamatayo sakuchidziwa, kapena pamene akupempha chinthu choyenera mwa njira yoyenera.

Cholakwika china ndi kukumbukira zakale mopitirira muyeso. Poti ulendo ndi wautali, mlembi amakhala ndi chilakolako chothira mbiri yonse ya munthuyo panjira: ubwana, ukwati, ntchito, maliro. Mukaona kuti mwalemba masamba awiri mkuluyo phazi lake lisanaponde pansi, dziwani kuti ulendo waima. Zakale zibwere pokhapokha chinthu cha panjira chaziitana, ndipo zikhale zazifupi.

Tsopano mathero. Poti mwafunsa, ndikuuzeni kaye zimene zimachitikadi, kenako musankhe podula. Fomu ija iyenera kudzazidwa ndi kudindidwa ndi munthu wovomerezeka, amene mwina sali pamalo olandirirapo, ndipo mwina pofika nthawi imeneyo waweruka. Ikadindidwa imatumizidwa ku ofesi yaikulu. Kumeneko wina amaiyang'ana, n'kubwezeretsa dzina. Ikafika mndandanda wa Julayi usanatsekedwe, mkuluyo adzalandira mu Julayi. Ikachedwa ndi tsiku limodzi lokha, adikira Ogasiti. Ndalama za miyezi imene anaphonya sizitayika, popeza kunali kuimitsa chabe, koma kawirikawiri zimawerengedwa padera ndipo zikhoza kubwera mochedwerapo kuposa ya mweziyo. Mulimonsemo, tsiku limene wayendalo abwerera kwawo wopanda ndalama. Mukamupatsa ndalama m'manja tsiku lomwelo, aliyense amene anaperekezapo kholo lake kokalandira adziwa kuti mwanama.

Ngati wodinda wapezeka ndipo fomu yaperekedwa tsiku lomwelo, chimene angabwerere nacho ndi kapepala. Munthu wodziwa maofesi sapereka fomu popanda kutenga umboni woti wapereka, wokhala ndi deti, chidindo ndi dzina la wolandira. Apa ndi pamene mkulu wanu angaonetse kuti ndi wakale pa ntchito: kalaliki akuti "tiitumiza, pitani," iye n'kukana kusuntha mpaka atamulembera kapepalako. Sakukalipa, akungodikira, ndodo ili m'khwapa. Kalaliki amulembera, mwinanso ndi kaulemu kamene poyamba panalibe.

Mathero awiri ndikukulangizani kuti muwapewe. Oyamba ndi akuti mkuluyo afere panjira pobwerera, fomu yotsimikiza moyo ili m'thumba. Pafupifupi aliyense amene amamva za fomu imeneyi amathamangira komweko, ndipo owerenga amaziona zikubwera ali patali. Komanso zimamusandutsa munthuyo chida chongotilizira misozi. Achiwiri ndi akuti patulukire bwana wachifundo amene akonza zonse ndi foni imodzi. Zoterezi zimachitika mwa kamodzikamodzi, koma m'nkhani zimafafaniza ulendo wonse uja, ngati kuti mavutowo anali ongodikira munthu wabwino.

Ine ndikanadula pamene mkuluyo watuluka panja. Wapinda kapepala kaja, wakaika m'kathumba pamalo pamene panali envulopu, wakulunga kawiri katatu monga mwa nthawi zonse. Wafunsa kale kalaliki tsiku limene mndandanda umatsekedwa, ndipo akuwerenga pa zala masiku otsala. Nthawi ili cha m'ma 3 koloko, ndipo pa liwiro lake mdima umupeza akadali panjira. Ayenera kusankha kuyamba ulendo tsopano kapena kupempha malo ogona kwa munthu amene sanamuone zaka zambiri. Musankhireni chimodzi mogwirizana ndi khalidwe limene mwamupatsa kuyambira pachiyambi, mumuonetse akuponya phazi loyamba, ndipo mulekere pomwepo.